Andipatsa mphindi 20 zokha, ndipemphe bwanji nthawi yokwanira?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikupikula mpunga wa Kilombero ku Karonga, kuusankha, kuupakira m'mapaketi n'kumaperekera m'magolosale. Chimene chimandidyera phindu ndi mayendedwe. Pali bambo wina wa ku Luwinga, ali ndi lole ya matani atatu ndi nyumba yosungiramo katundu, ndipo titakumana pa ukwati anaonetsa chidwi choti tigwire ntchito limodzi. Nditawaimbira anati ndipite Lachinayi, ali ndi mphindi 20. Ine ndikuona kuti sizikwana, koma ndikuopa kuti ndikapempha nthawi yaitali andiona ngati wovuta kapena wodzimva. Ndinene bwanji?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Munthu amene sakufuna kumva za inu sapereka tsiku, amangoti tidzaonana, basi. Awa akupatsani tsiku, ndiye kuti khomo ndi lotsegula. Ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza a mabizinesi ang'onoang'ono kuno kumpoto, sindinaonepo munthu wanzeru zake akukwiya chifukwa mnzake wapempha nthawi yokambirana bwino za ndalama. Amene ndawaona akunyansidwa ndi aja anapemphedwa maola awiri osauzidwa kuti maolawo agwira ntchito yanji.

Muyambe mwamvetsa kumene mphindi 20 zachokera. Munthu wa lole ndi nyumba yosungira katundu amafikiridwa ndi anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo amayamba ndi mawu oti tigwire ntchito limodzi koma pomaliza n'kupezeka kuti akufuna ngongole kapena kunyamulidwa ulere. Ndiye anaphunzira kudziteteza. Amapereka kanthawi kochepa koti aone nkhope, amve kumene nkhani ikulowera, ndipo ngati ili yopanda mutu, aimirire n'kunena kuti dalaivala akundidikira. Mphindi 20 zimenezo sanayeze nkhani yanu, chifukwa sanaimve. Anayeza anthu ena amene anabwera inu musanabwere. Ntchito yanu tsono ndi kuwaonetsa, lisanafike Lachinayi, kuti nkhani yanu ndi yamtundu wina.

Koma musanalembe uthenga uliwonse, dzifunseni moona mtima ngati mukufunikadi nthawi yaitali. Tengani pepala, lembani zonse zimene mukufuna kukanena, kenako muzigawe pawiri. Mbali ina muike zimene bamboyo angathe kuwerenga ali yekha: mbiri ya bizinesi yanu, matumba amene munagula chaka chatha, magolosale angati amatenga kwa inu, ndalama zimene munalipira a malole. Mbali inayo muike zimene sizingatheke popanda inu awiri kuyang'anizana, zoti wina afunse, wina ayankhe, wina akane, mpaka mugwirizane. Ndaona anthu ambiri akupempha maola awiri pomwe ola lathunthu akufuna kufotokoza m'mene anayambira ndi thumba limodzi pa msika wa Zigwagwa. Mbiri imeneyo ndi yokoma, koma si yogulira nthawi ya munthu. Nthawi yaitali imapemphedwa chifukwa cha zinthu zofunika kugamula, ndipo pa nkhani yanuyi zilipo, zolemera ndithu.

Choyamba, chimenenso ndi chachikulu pa zonse, ndi chakuti lole ija ikulowa bwanji m'bizinesi. Pali njira ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza kwambiri. Ikhoza kukhala yahayala, kutanthauza kuti bamboyo amalandira ndalama yake pa ulendo uliwonse, kaya mpunga wapindula kaya waluza, mwina pa mtengo wotsikirapo chifukwa mukuwapatsa maulendo otsimikizika. Kapena ikhoza kukhala mpamba wawo, kutanthauza kuti salandira ya hayala koma amadya nawo phindu, n'kusenza nawonso zikavuta. Mukasankha yachiwiriyi, pamabuka mafunso ena. Kodi loleyo muiwerengera ndalama zingati poiyerekeza ndi ndalama zanu zogulira mpunga? Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Karonga ndi makilomita pafupifupi 220, kupita ndi kubwera 440, ndiye dizilo wa ulendowo atuluka m'thumba la ndani? Nanga popita, lole ikanyamula katundu wa anthu ena, monga simenti kapena zakumwa, ndalama imeneyo ndi ya bamboyo okha kapena ya nonse? Funso lomalizali lokha ndaliona likudya theka la ola pakati pa anthu ogwirizana bwinobwino.

Ndikuuzeni zimene ndinaziona ndi maso. Anyamata awiri anabwera kwa ine atasiya kale kulankhulana. Anagwirizana ataima pambali pa galimoto, wina dzanja lili pa chitseko, ndipo zonse zinatha m'mphindi zosakwana 15: iwe galimoto, ine ndalama, phindu pakati. Maulendo awiri anayenda bwino. Wachitatu galimoto inafa pokwera mapiri a Chiweta ili ndi katundu, inagona pamsewu masiku awiri, mvula inagwa, tenti inali yobooka, matumba a pamwamba ananyowa. Mwini galimoto anati kukonza n'kwa tonse popeza inafera pa ntchito ya tonse. Mwini ndalama anati galimoto ndi yako, ndipo undilipirenso katundu amene wanyowa chifukwa cha tenti yako. Aliyense anali ndi mfundo, ndipo panalibe wabodza. Chimene chinasowa ndi ola limodzi lokhala pansi asanayambe. Ndinayesetsa kuwayanjanitsa koma zinakanika, ndipo zimandiwawabe, chifukwa bizinesi yawo inali yabwino.

Chachiwiri ndi kumene mpunga uzipunthidwira. Inu mukudziwa kuposa ine kuti pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha mumatuluka pakati pa 60 ndi 65 a wopuntha, zotsalazo ndi mankhusu ndi gaga. Lole ya matani atatu imanyamula matumba 60 a makilogalamu 50. Mukanyamula wosapuntha, pa makilogalamu 3,000 amenewo ogulitsa ndi osapitirira 1,950, ndiye kuti kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a dizilo lapita kunyamula mankhusu ndi gaga. Mukapunthira ku Karonga komweko, lole yonse ndi katundu wogulitsa. Koma wosapuntha umasungika nthawi yaitali osafumbwa msanga, ndipo popeza bamboyo ali ndi nyumba yosungiramo, mwina angakonde kuti mugule wambiri nthawi yokolola, cha m'ma Juni ndi Julayi mitengo ili pansi, n'kumapuntha pang'onopang'ono mitengo ikakwera. Nkhani imeneyi inu simungaigamule nokha, iwonso sangaigamule okha, chifukwa ikukhudza galimoto yawo, nyumba yawo ndi ndalama zanu.

Chachitatu ndi ndalama: izikhala kuti, ndani azisayinira, magolosale otenga pa ngongole azitsatiridwa ndi ndani, ndipo wina akafuna kutuluka atuluka bwanji.

Tsopano muziike pa wotchi. Moni ndi kufunsana za kunyumba, mphindi 10, ndipo musadzinamize kuti mudzalumpha zimenezi, kuno kwathu munthu sayamba ndi manambala asanafunse za ana. Kudutsa m'ziwerengero zanu za chaka chatha, iwo atawerenga kale, mphindi 15. Nkhani ya lole ndi kagawidwe ka phindu, mphindi 30. Kopunthira, kasungidwe ndi zoti zikavuta panjira atani ndani, mphindi 20. Kasungidwe ka ndalama ndi katulukidwe, mphindi 10. Kubwereza zimene mwagwirizana kuti aliyense amve chimodzimodzi, mphindi 5. Zonse pamodzi 90, ola limodzi ndi theka. Mukawerengera chonchi simudzachitanso manyazi popempha, chifukwa mudzakhala mukudziwa kuti simunangotola nambala m'mwamba. Ndipo tchulani nambalayo. Mawu oti ndikufuna kanthawi ndithu kapena tikhale pansi bwinobwino amaopsa munthu wotanganidwa, popeza sakudziwa kuti muthera pati. Ola ndi theka lili ndi polekezera, akhoza kuliika pakati pa zochita zake.

Musapemphe maola atatu ndi cholinga choti akadula mutsale ndi awiri. Kumeneko n'kunenerera kwa pamsika, ndipo munthu amene mukufuna kuti mudzasungire limodzi ndalama asayambe kukudziwani ngati wokweza mtengo dala. Musachepetsenso n'kunena mphindi 40 muli ndi chiyembekezo choti mukakakhala pansi zidzangopitirira zokha. Zikapitirira, iwo adzayamba kuyang'ana foni, mayankho adzafupika, ndipo mfundo zolemera zija zidzagwera nthawi imene mtima wawo uli kale panja.

Uthengawo utumizeni msanga, Lolemba kapena Lachiwiri, osati Lachitatu usiku. Ine ndingakonde muyambe mwaimba foni mwachidule, popeza ndi munthu amene mwangodziwana naye ndipo mawu apakamwa amapereka ulemu, kenako mutumize zolemba pa WhatsApp kuti akhale ndi poyang'ana. Uthenga wa mawu wotalika mphindi zisanu musatumize. Munthu ali pa galaja kapena pamalo opakira katundu sangaumvere, ndipo sangabwerere kukafufuza tsiku limene munatchula. Atchuleni ndi mfunda wawo ngati mukuudziwa, monga timachitira kuno. Zolembazo zikhoza kukhala motere:

"Mwadzuka bwanji bambo? Zikomo kwambiri pondipatsa mpata wa Lachinayi. Pokonzekera ndaona kuti pali zinthu zitatu zimene sindingagamule ndekha popanda maganizo anu: ngati lole ilowe monga hayala kapena monga mpamba wanu, ngati mpunga tizipunthira ku Karonga kapena kuno, komanso m'mene tizisungira ndalama. Nditawerengera, zikufuna ola limodzi ndi theka. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yambiri kwa inu, ndiye kuti isatayike ndikutumizirani mawa tsamba limodzi la ziwerengero zanga za chaka chatha. Ndikhoza kubwera ku Luwinga Lachinayi lomwelo mukatseka, kapena Lachisanu 7 koloko m'mawa, kapena Lachiwiri sabata yamawa nthawi imene mungasankhe. Ngati ola ndi theka pakamodzi n'zovuta, tikhoza kugawa kawiri, mphindi 45 ulendo uliwonse. Ndipo ngati mukufuna tiyambe taonana kaye mphindi 20 zija, ndibwera ndithu, tidzangogwirizana tsiku la zotsalazo."

Taonani m'mene wayalidwira. Wayamba ndi kuthokoza pa zimene apereka kale, osadandaula kuti n'zochepa. Kenako zifukwa zabwera nambala isanatchulidwe, kuti akamafika pa ola ndi theka akhale atadziwa kale chimene chikudya nthawiyo. Ndipo zifukwa zitatuzo zonse zikukhudza chuma chawo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amalemba kuti ndili ndi zambiri zoti ndikufotokozereni, kapena ndikufuna mumvetse bwino masomphenya anga. Zimenezo ndi zofuna zanu, iwo alibe nazo gawo. Koma mukati tikambirane ngati lole yanu ikhale yahayala kapena mpamba, mwini lole aliyense amatchera khutu, chifukwa akudziwa mtengo wa tayala limodzi. Nthawi yaitaliyo imasanduka yowateteza iwo, osati mphatso imene akukupatsani.

Muonenso kuti mulibe kupepesa kobwerezabwereza. Ife amayi ndi abambo a kuno tinaleredwa ndi ulemu, ndipo n'chinthu chabwino, koma ndimaona mauthenga ena oyamba ndi pepani, pakati pepani pokuvutitsani, pomaliza pepaninso ndikudziwa ndine munthu wamng'ono. Wowerenga amayamba kuona ngati mukudzapempha thandizo. Inu simukupita chimanjamanja. Muli ndi zaka zitatu pa ntchitoyi, mukudziwa alimi, mumasiyanitsa Kilombero weniweni ndi wosakaniza pongomununkhiza, muli ndi magolosale okudikirani. Lole yopanda katundu imangodya inshuwalansi ili chiimire. Kuvomereza kamodzi kuti nthawi yawo ndi yodula n'kokwanira.

Pa za kusinthasintha, pali zimene muyenera kufewa nazo ndi zimene simuyenera. Fewani pa tsiku, pa ola, pa malo, ndi pa kugawa kawiri. Koma musanene kuti nthawi iliyonse imene mungapezeke, chifukwa kumeneko n'kuwasenzetsa ntchito yofufuza tsiku, ndipo munthu wotanganidwa amangoti ndikuuzani, sabata n'kutha. Perekani nthawi ziwiri kapena zitatu zosiyana mtundu, ina m'mawa kwambiri, ina madzulo, ina sabata inayo, kuti angoloza. Ganizirani m'mene tsiku lawo limayendera. Wamalole m'mawa amakhala akutulutsa galimoto ndi kukangana ndi opakira, kumapeto kwa mwezi amakhala ndi malipiro ndi ngongole zotolera. Loweruka ndi Lamulungu musatchule musanadziwe tsiku limene amapemphera, muli a Sabata ambiri mumzinda muno, ndipo ngati ndi Msilamu Lachisanu masana mulisiye. Akasintha tsiku chifukwa cha maliro, pepesani ndipo mudikire masiku angapo musanakumbutse. Zimenezo si chizindikiro choti akukuzembani.

Malo ndiye ndikufuna ndiimepo pang'ono, chifukwa amatha kudya nthawi imene mwaipempha movutikira. Kupita kwawo ndi ulemu, ndipo kukupatsani mwayi woona nyumba yosungiramo ija ndi maso anu: denga likudontha kapena ayi, pansi pali mapaleti kapena matumba agona pa simenti, pafupi pali feteleza kapena mafuta amene fungo lake lingalowe mumpunga. Ndi chinyezi cha Mzuzu, kumene mvula imatha kupitirira mpaka Epulo ndi Meyi, zimenezi si zazing'ono. Koma pa ofesi pawo nthawi ya ntchito, ola ndi theka limasanduka mphindi 40 zodukaduka, uyu walowa kufuna makiyi, uyu akufuna siginecha, foni ikulira. N'chifukwa chake ndalemba kuti mukatseka kapena 7 koloko m'mawa. Njira ina ndi kuona nyumbayo kaye kenako n'kukakhala pamalo odyera opanda phokoso m'tauni kapena ku Katoto, ndipo popeza mwaitana ndinu, tiyi mulipire ndinu. Kumalo omwera mowa ayi, ndipo madzulo kwambiri muli awiriwiri ayinso. Mzuzu ndi waung'ono, anthu amalankhula, ndipo mbiri yanu ndi mbali ya mpamba wanu. Palibe cholakwika kunena kuti ndibwera ndi mchimwene wanga amene amandithandiza kulemba mabuku, bola muwadziwitse pasadakhale kuti nawonso akafuna abwere ndi wawo.

Chimene simuyenera kufewa nacho ndi mfundo zitatu zija. Nthawi ikhoza kudulidwa pawiri, koma nkhani ya lole isadulidwe kuti ikwane m'mphindi zisanu.

Tsamba la ziwerengero lija likhale limodzi lenileni. Lembani matumba amene munagula, mtengo wapakatikati, zimene munalipira mayendedwe ndi chigayo, makilogalamu amene munagulitsa, ndi phindu limene linatsala. Ngati chaka china munaluza, lembani. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mayendedwe ndi mapaketi inasokonekera aliyense, ndipo munthu wa bizinesi akaona pepala lopanda bala ngakhale limodzi amayamba kukayika. Koma mayina a alimi amene mumagulako, manambala awo a foni, ndi mndandanda wa magolosale anu, zimenezo zisungeni. Iwo ali ndi galimoto ndi posungira. Chimene alibe ndi njira zanu, ndipo mukazipereka musanagwirizane kanthu, mwadzichotsa nokha pa bizinesi. Sindikunena kuti bamboyo ndi wachinyengo, sindikuwadziwa. Ndikungoti dongosolo labwino ndi lomwelo ngakhale kwa munthu wokhulupirika.

Tsono mayankho amene mungalandire. Akavomera, tsimikizani tsiku, ola ndi malo mu uthenga umodzi waufupi, mukumbutse dzulo lake, ndipo mufike nthawi isanakwane. Pa tsikulo sungani lonjezo lanu. Mphindi 90 zikakwana, nenani nokha kuti bambo, nthawi imene ndinapempha yatha, tatsala ndi nkhani ya akaunti, tipitirize kapena tipangane tsiku lina? Kawirikawiri adzati tiyeni timalize, koma akhale iwo onena. Kachinthu kameneka kamawauza zambiri za m'mene mudzasungire mapangano a ndalama.

Akati tiyeni tionane kaye mphindi 20 zomwezo, musakhumudwe ndipo pitani. Koma musayese kupanikiza zonse m'menemo polankhula mothamanga. Sinthani cholinga cha ulendowo. Perekani moni, aonetseni paketi imodzi ya mpunga wanu aigwire ndi kuinunkhiza, nenani mwachidule matumba amene mumayendetsa pa chaka ndi ndalama imene mumapereka kwa a malole ena, kenako afunseni funso limodzi: mukamaganiza zogwira ntchito limodzi, lole mumaiona ngati yahayala kapena ngati gawo lanu? Akayamba kuyankha adzaona okha kuti nkhaniyo ndi yaitali. Pa mphindi ya 18 imirirani ndinu, mufunse tsiku lokhala pansi. Ndipo m'kukumana kwakufupiko musavomere kanthu. Akati basi tizigawana pakati, yambani kugula, yankhani kuti maganizowo ndawamva ndipo ndi abwino kuwaunika, tiwaike pa tsiku lija.

Akakhala chete, dikirani masiku awiri, kenako imbani. Mafoni amatha moto, mauthenga amakwiririka. Koma mukayesa kawiri kapena katatu, mwapereka masiku, mwalola kugawa, mwalola kuwatsatira, iwo n'kumangoti tiyeni tingoyamba, zinazo tizikambirana m'njira, pamenepo mwaphunzira chinthu chofunika musanataye tambala. Munthu amene akusowa ola ndi theka la kukambirana ndalama isanalowe, adzalisowanso tsiku limene lole yafa ndipo pakufunika kugamula msanga. Sizitanthauza kuti mudane. Mwina iwo amangofuna kasitomala wokhazikika wa lole yawo, ndipo zimenezo n'zothekanso: mugwirizane mtengo wa ulendo, mulipire malo osungira pamwezi, aliyense akhale ndi bizinesi yake. Kukambirana kotero ndiye kumakwanadi m'mphindi 20, ndipo kwa anthu ambiri ndimalangiza kuyamba choncho nyengo imodzi, muonane khalidwe, za kuphatikiza mpamba zibwere chaka chinacho.

Pali malire a zimene inu awiri mungamalize panokha. Mukatha kukambirana, lembani zimene mwagwirizana tsiku lomwelo n'kuwatumizira kuti avomereze kapena akonze. Koma ngati mwasankha zophatikiza mpamba ndi kugawana phindu, musatulutse ndalama musanaonane ndi loya kuti akulembereni mgwirizano. Chifukwa chake n'chakuti anthu akamachita bizinesi limodzi osalembetsa kampani yokhala ndi malire pa ngongole, ngongole imene mmodzi watenga m'dzina la bizinesiyo imatha kugwera onse, mpaka kukhudza katundu wa pakhomo. Loya adzakufotokozerani kusiyana kwa kungolembetsa dzina la bizinesi ndi kutsegula kampani, ndipo wodziwa zowerengera ndalama adzakuthandizani kuika mtengo woyenera pa lole ndi nyumba ija, komanso za nambala ya msonkho ku MRA ndi layisensi ya khonsolo ya mzinda. Pitaninso kwa loya mwamsanga mukamva kuti loleyo ili pa chikole ku banki, kapena buku lake lili m'dzina la munthu wina, kapena nyumba yosungiramo ndi yalendi. Mafunso amenewa muwafunse pa kukumana kwakutali kuja, mofatsa, m'chigawo cha lole, ndipo inunso mukhale okonzeka kuyankha akakufunsani ngati muli ndi ngongole ku banki mkhonde kapena kwina.

Ngati muli pabanja, kambiranani ndi a kunyumba kwanu musanapite, ndipo bamboyo akati akufuna akafunse kaye mayi a kunyumba kwawo kapena m'bale amene anasonkha nawo pogula lole, alimbikitseni kuti munthuyo adzakhalepo pa tsikulo. Mukatero muonjezere mphindi 15 pa zimene mukupempha, ndipo muwauze chifukwa chake.